Madzi Abwera, Koma Ali Ngati Thobwa

Madzi anasiya kutuluka Lamulungu masana, ndipo anabweranso usiku wa Lachinayi, kutatsala pang'ono kucha. Tinadzidzimuka ndi phokoso la mpopi wa kukhitchini umene tinauiwala uli wotsegula. Unkatsokomola, kufwenthera, kenako n'kukhala chete, n'kuyambanso. Titayatsa nyali tinapeza sinki yonse ili ndi madontho ofiirira, ndipo madzi amene ankatuluka anali ngati thobwa la mawere. Sitinadandaule. Tinali titatha masiku asanu tikugula madzi a m'zigubu ndi kusamba m'kabeseni, choncho ngakhale madzi a mtundu umenewo tinawalandira ngati mlendo amene tinamusowa.

Lachisanu limenelo linali ndi ntchito yambiri kuposa masiku onse okonzekera Sabata. Mawa lake kunali Mgonero wa Ambuye, ndipo mayi a m'nyumba muno, amene ndi dikonesi, anali ndi udindo wochapa nsalu zoyera za pagome ndi matawulo a mwambo wosambitsana mapazi. Zonsezo zinali zitakhala m'chikwama sabata yathunthu kudikira madzi. Zovala za ana zinali mulu, mbale zinali mulu, thanki yathu ya malita 1,000 inali gwaa. Ndiye tinachita zimene banja lililonse lotopa lingachite. Tinatsegula paliponse nthawi imodzi, thanki n'kuyamba kudzaza, zidebe zonse n'kuziika pamzere.

Pa tsiku limodzi lokhalo tinalakwitsa zinthu zitatu, ndipo chilichonse chinatilipiritsa m'njira yakeyake.

Choyamba chinaonekera msanga, pa nsalu. Pofika m'mawa madzi anali atayera pang'ono, kuchoka pa mtundu wa thobwa n'kufika pa chikasu chotuwa. Tinaganiza kuti sopo athana nazo. Nsalu zitalowa m'beseni zinatenga mtundu wa madziwo, ndipo poona zimenezo tinathiramo jiki, mankhwala oyeretsera zovala aja, poganiza kuti ndiye mwini wake wa zoyera. Patapita mphindi zochepa nsalu yaikulu ya pagome inatuluka ndi mawanga ofiira ngati dothi la katondo, oipa kuposa poyamba. Tinawonjezera jiki wina. Mawanga anangokhwima.

"Bambo a Chisomo, tabwerani muone izi," anatero mayi a kunyumba, mawu ali pansi. "Ndikanena chiyani kwa amayi anzanga mawa?"

Tsiku limenelo tinapulumuka chifukwa cha dikonesi wina wachikulire amene anabwereka nsalu ku mpingo woyandikana nawo. Iye ndiye anatiuza, akuseka mwachifundo, kuti dzimbiri ndi jiki sizimvana. Jiki amachotsa mawanga a chakudya ndi thukuta, koma dzimbiri ndi chitsulo, ndipo klorini amene ali mu jiki amachititsa kuti chitsulo chimene chasungunuka m'madzi chisanduke dzimbiri lenileni pomwepo, mkati mwa ulusi wa nsalu. Tinkaganiza kuti tikuchapa pamene tinkapaka utoto. Sikuti pamafunika chitsulo chambiri ayi. Akatswiri a madzi amati chikangopitirira mamiligalamu 0.3 pa lita imodzi chimayamba kuthimbiriritsa zovala, ndipo madzi otere m'tambula amatha kuoneka ngati abwinobwino.

Nsalu zija sitinazitaye. Mayi wachikulireyo anatilangiza kuti tisazisite, chifukwa kutentha kumakhazikitsa banga. Madzi atayera, tinazitsukuluza kangapo mpaka fungo la jiki litatheratu. Kenako tinafinyira mandimu pa banga lililonse, n'kuwazapo mchere, n'kuziyala padzuwa, n'kutsukuluzanso. Tinabwereza katatu. Matawulo anayera, ndipo nsalu yaikulu inatsala ndi kachizindikiro kamodzi pakona kamene timakadziwa ndife tokha. Kutsukuluza koyamba kuja sikunali kongofuna ukhondo. Madzi a mandimu akakumana ndi jiki amatulutsa mpweya wa klorini umene umapweteka maso ndi mapapo, choncho ziwirizi siziyenera kukumana m'beseni limodzi.

Cholakwa chachiwiri chinaonekera Lamulungu. Anzathu oyandikana nawo anali atayamba kale kutunga madzi oyera, koma kwathu ankatulukabe achikasu. Shawa inkangodontha, ndipo kathanki ka kuchimbudzi sikankasiya kuchucha. Tinaitana pulambala, bambo wachikulire amene wagwira ntchito ya mapaipi m'dera lathu kwa zaka zambiri. Anakwera pa thanki, n'kusuzumira, n'kutiitana kuti tidzaone tokha. Pansi pa thanki panali matope ofiira okhuthala ngati phala.

"Achimwene, madzi oyamba aja simulowetsa m'nyumba," anatero akutsika. "Mwasunga m'thanki zonyansa za msewu wonse."

Tinakhala naye pakhonde, ndipo anatifotokozera zimene zimachitika pansi pa nthaka. Mapaipi ambiri akale, aakulu a mumsewu ndi aang'ono olowa m'nyumba, ndi achitsulo. M'kupita kwa zaka mkati mwake mumamera dzimbiri, ndipo pansi pake pamadikha tinthu tosiyanasiyana timene madzi amabwera nato pang'onopang'ono: fumbi la chitsulo, mchenga wosalala, ndi mtundu wina wa chitsulo wotchedwa manganizi umene umaoneka wakuda. Masiku onse madzi akamayenda pa liwiro lake lozolowereka, zimenezi zimangokhala phee. Madzi akasiya kwa masiku angapo, paipi imakhuthuka, mpweya n'kulowa. Chitsulo chonyowa chikakumana ndi mpweya chimachita dzimbiri msanga, monga mmene limachitira khasu losiyidwa panja, ndipo dzimbiri lakale limasweka n'kukhala makoko. Tsono madzi akabwerera amabwera mwamphamvu, akukankha mpweya patsogolo pake, n'kukokolola zonsezo. Kutsokomola kwa mpopi kuja ndi mpweya umenewo, ndipo thobwa lija ndi zimene zakokololedwa.

Anatiuzanso chifukwa chimene kwathu kumavutikira kuposa kwa anzathu a kumunsi. Nyumba yathu ili pamtunda, chakumapeto kwa paipi. Madzi akasiya, paipi ya pamtunda ndi imene imayamba kukhuthuka, ndipo akabwera ndi imene imadzaza pomaliza. Choncho imakhala nthawi yaitali ndi mpweya, komanso zonyansa zimene zakankhidwa njira yonse zimathera kumapeto kwathu kuno. Zimenezi n'zodziwika m'mizinda ya m'mapiri. Madzi ambiri a mu Blantyre, mwachitsanzo, amachokera mu mtsinje wa Shire ku Walker's Ferry, ndipo amachita kupopedwa ndi magetsi kukwera mtunda wautali kuti afike mumzinda. Pamalo otere, mapampu akangoima, okhala pamwamba ndiwo amayamba kuuma ndi kutsiriza kulandira.

Tsiku limenelo tinataya madzi onse a m'thanki, malita pafupifupi 1,000 amene mita inali itawerenga kale. Tinakwecha pansi pake ndi burashi, n'kutsukuluza kawiri. Pulambala anamasula mutu wa shawa ndi kasefa ka kukamwa kwa mpopi wa kukhitchini, n'kugwedezamo timiyala ta dzimbiri. M'kathanki ka kuchimbudzi anapeza kachidutswa kamodzi kokha, kochepa ngati njere ya mapira, katakhala pamalo pamene valavu imatsekera. Kanthu kakang'ono kameneko kanali katataya madzi usiku ndi usana kwa masiku awiri. Tinalipira pulambala, ndipo kumapeto kwa mwezi tinalipiranso pa bilu.

Cholakwa chachitatu ndi chimene chimatiwawa mpaka lero, chifukwa chinagwera mwana. Pa Lachisanu lija tinadzaza ndowa ziwiri za madzi ofiirawo n'kuziika pambali. Pofika madzulo matope anali atadikha pansi, ndipo pamwamba panali madzi oyera mbee. Tinawatsanulira mosamala m'chigubu cha madzi akumwa, tikudziyamikira kuti tachita mwanzeru. Sitinawawiritse, sitinathiremo mankhwala. Tinkati ndi madzi a pampopi, ndipo madzi a pampopi amabwera ali othira kale mankhwala. Usiku wa Lamulungu mwana wathu wamng'ono, wa zaka zinayi, anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Kutacha tinathamangira naye kuchipatala. Anamupatsa Thanzi ORS ndi mapiritsi a zinki, n'kutiuza kuti paketi imodzi tizisungunula mu lita imodzi ya madzi owiritsa, ndipo zinki amalize masiku onse ngakhale atachira. Patapita masiku atatu anayambanso kusewera.

Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu atabwera kudzationa, tinamufunsa ngati dzimbiri ndi limene linadwalitsa mwana. Anapukusa mutu.

"Mayi, dzimbiri limanyansa m'maso, limawawa m'kamwa, limaononga zovala, koma si limene timaliopa kwambiri," anatero. "Chimene timaopa sichioneka."

Zimene anafotokoza zinasintha mmene timaonera mpopi wathu. Paipi imene ili ndi madzi odzaza imakhala ndi mphamvu yokankhira kunja. Ngati ili ndi ming'alu kapena polumikiza pofooka, madzi amatuluka, ndipo palibe chimene chingalowe. N'chifukwa chake paipi yodontha imatha kupereka madzi abwino kwa zaka. Koma madzi akasiya, mphamvu ija imatha, ndipo pena paipi imachita kuyamwa, makamaka anthu a kumunsi akamatunga otsalira. Pa nthawi imeneyo ming'alu yomwe ija imasanduka makomo. Chilichonse chimene chazungulira paipi chikhoza kulowa: madzi a m'ngalande, zithaphwi za mvula, ndi zotuluka m'zimbudzi zokumba kapena m'maenje a zonyansa zimene zili pafupi. Tinakumbukira paipi yathu imene imadutsa m'ngalande ya kumsewu, ili pamtetete, yomangidwa ndi mphira pamalo pamene inang'ambika chaka chatha.

Nanga klorini amene amathira ku malo oyeretsera madzi? Mlangiziyo anati amene amatsala m'madzi kuti awateteze m'njira ndi wochepa, ndipo satha kudikira. Madzi akaima m'paipi kwa masiku amatha mphamvu, ndipo wotsalayo amadyedwa ndi dzimbiri ndi matope omwewo. Choncho madzi oyamba kufika pambuyo pa kusowa kwa nthawi yaitali ndi amene ali ndi mpata waukulu wokhala ndi tizilombo, komanso ndi amene ali ndi chitetezo chochepa. Kufiira kwake ndi chizindikiro chakuti paipi inakhala yopanda madzi ndipo yavundulidwa. Ife tinachotsa chizindikirocho podikhitsa matope, n'kusiya chimene chinkatichenjeza.

Sanafunike kutikumbutsa zambiri za kolera. Tonse tikukumbukira mliri umene unayamba mu 2022 n'kupitirira mu 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mwana wathu sanadwale kolera, koma njira imene tizilombo totsegula m'mimba timadzera ndi yomweyo.

Patapita miyezi inayi madzi anasiyanso, ulendo uno kwa masiku atatu. Tinali titakonzeka, ndipo kukonzeka kwake kunayamba madzi asanabwere. Tsiku loyamba lomwelo tinazungulira nyumba n'kutseka mipopi yonse. Tinatseka valavu yolowetsa madzi m'thanki ndi kampopi ka pansi pa kathanki ka kuchimbudzi. Tinazimitsanso giza, chifukwa pulambala anatichenjeza kuti giza ikayaka ilibe madzi okwanira, chitsulo chake chotenthetsera chimapsa. Pomaliza tinatseka valavu ya pa mita, popeza mpweya umene umatsogola madzi umatha kuzungulitsa mita ngati kuti ndi madzi. Tinkangoitsegula pang'ono m'mawa ndi madzulo kuti timve ngati abwera, ngakhale kuti nthawi zambiri phokoso la zidebe kwa anzathu ndi limene limayamba kutiuza.

Atabwera, tinatsegula mpopi umodzi wokha, wa panja, umene uli pafupi kwambiri ndi mita. Cholinga chake n'chakuti zonyansa zituluke zisanalowe m'mapaipi a m'nyumba. Tinautsegula pang'onopang'ono mpaka kutsokomola kutatha, kenako n'kuusiya ukuyenda bwino. Tinatenga matambula anayi oonekera mkati ndi pepala loyera. Tambula yoyamba tinatunga pomwepo, ndipo inali thobwa lenileni. Yachiwiri tinatunga patapita mphindi zisanu, inali yachikasu. Yachitatu, pa mphindi khumi, inkaoneka yoyera m'manja, koma titaiika pa pepala loyera n'kuyang'ana kuchokera pamwamba, chikasu chinaonekabe. Yachinayi, pa mphindi 16, inali yoyera ngakhale pa pepala. Pepala limenelo ndi lofunika, chifukwa diso lotopa ndi ludzu limafulumira kunena kuti madzi ayera.

Mpopi wathu umadzaza ndowa ya malita 20 pa mphindi ziwiri. Ndiye kuti pa mphindi 16 panatuluka ndowa zisanu ndi zitatu, malita 160. Poyamba zinkatipweteka kuona madzi olipira akutuluka chonchi, koma tikayerekeza ndi malita 1,000 amene tinataya ulendo woyamba, pamodzi ndi ndalama ya pulambala, tinaona kuti n'zotchipa. Ndiponso sitinataye ngakhale ndowa imodzi. Ziwiri zoyamba, zofiira kwambiri zija, tinathirira nthochi ndi maluwa. Zotsalazo tinaziika pakona n'kuzigwiritsa ntchito yothira m'chimbudzi ndi kukolopa pakhonde. Tinasankha ndowa zakezake za ntchito imeneyi, ndipo tinauza ana kuti m'menemo simulowa kapu.

Mpopi wa panja utayera, tinalowa m'nyumba. Tinamasula kasefa ka mpopi wa kukhitchini, n'kutsegula mbali ya madzi ozizira kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako kubafa chimodzimodzi. Mbali ya madzi otentha sitinaikhudze mpaka ozizira onse atayera, chifukwa ukatsegula otentha, madzi atsopano amalowa m'giza, ndipo matope akalowa m'menemo savuta kulowa koma kutuluka. Pambuyo pake tinatsegula chimbudzi. Thanki tinaitsegula mawa lake, titayesanso ndi tambula ndi pepala, popeza madzi amatha kuyera madzulo n'kufiiranso usiku pamene mbali zina za dera zayamba kulandira. Zovala zoyera zinadikira tsiku limodzi lina. Tinayamba ndi zakuda.

Pulambala anatiikira malire pa kutsegula kumeneku. Anati ngati patha mphindi 20 kapena 30 madzi asanayere, titseke, tidikire ola limodzi, tiyesenso, chifukwa pamenepo zonyansa zikuchokera m'paipi yaikulu ndipo mpopi umodzi wa pakhomo sungazimalize. Ngati tsiku lathunthu latha ali ofiirabe, imeneyo ndi nkhani yokanena kwa a bodi ya madzi kuti adzatsuke paipi ya mumsewu, ndipo zimamveka msanga anthu a nyumba zingapo akanena pamodzi.

Tambula yomweyo imatithandiza kusiyanitsa mavuto amene poyamba tinkawaona ngati amodzi. Madzi akatuluka oyera ngati mkaka, timaika tambula pansi n'kuyang'ana. Akayamba kuyera kuchokera pansi kupita pamwamba pa mphindi imodzi kapena ziwiri, umenewo ndi mpweya chabe. Akakhala ofiira n'kusiya fumbi pansi patapita ola, ndi dzimbiri ndi matope. Timadontho takuda kapena mtundu wa bii nthawi zambiri ndi manganizi, ndipo madzi otere sitipangira mkaka wa khanda ngakhale titawawiritsa, chifukwa kuwiritsa kumapha tizilombo koma sikuchotsa chitsulo cha mtundu uliwonse. Koma madzi akamanunkha ngati ngalande, ngati chimbudzi kapena ngati mafuta a galimoto, sitiyesa n'komwe kuwakonza. Timatseka, timauza oyandikana nawo, timakanena tsiku lomwelo.

Palinso funso lakuti dzimbirilo ndi la ndani. Timayamba ndi kufunsa khomo loyandikana nalo. Ngati nawonso ali ndi madzi ofiira, gwero lake ndi paipi ya mumsewu. Ngati ndi kwathu kokha, ndipo zimachitika m'mawa uliwonse pa madzi oyamba n'kutha patapita mphindi imodzi, ndiye kuti mapaipi athu achitsulo akutha, ndipo a bodi sangatithandize pa zimenezo. Ngati ofiira ndi otentha okha, vuto lili m'giza. Titayesa zimenezi tinapeza kuti mbali ina ya dzimbiri lathu inali yathuyathu. Paipi yochoka pa mita kufika kunyumba inali yachitsulo, yakale ngati nyumbayo, ndipo pulambala ataidula tinaona kuti mkati mwake mwatsala kanjira kopyapyala ngati pensulo. Tinasunga ndalama miyezi iwiri n'kuikapo ya pulasitiki, n'kuikwirira bwino, kutali ndi ngalande.

Za madzi akumwa ndi zimene tinasintha kwambiri. Tsopano tili ndi zigubu ziwiri za malita 20, zokhala ndi zivindikiro, zimene timasunga zodzaza ndi madzi othira mankhwala, n'kumazisinthanitsa kuti asakhalitse. Sizikwanira masiku asanu, koma chigubu chimodzi timayesetsa kuchisunga kuti chitifikitse pa tsiku limene madzi abwera, kuti ludzu lisatikakamize kumwa oyamba aja. Ndipo madzi a pampopi akayera, sitiwakhulupirira msanga. Kwa masiku angapo otsatira, chilichonse cholowa m'kamwa timachiwiritsa kapena kuchithira klorini: akumwa, otsukira m'kamwa, otsukira zipatso ndi ndiwo zodya zosaphika. M'nyengo ya mvula timachita zimenezi masiku onse.

Nthawi zina palibe kuchitira mwina. Zigubu zatha, ana ali ndi ludzu, ndipo amene alipo ndi achikasu omwewo. Pamenepo timatsata ndondomeko imene mlangizi uja anatiphunzitsa, ndipo dongosolo lake ndi lofunika. Timayamba ndi kuwasiya adikhe kwa maola angapo m'ndowa yovindikira. Kenako timatsanulira a pamwamba m'ndowa ina kudzera pa nsalu yoyera yopinda kanayi, osagwedeza matope a pansi. Apa ndi pamene tinaimira ulendo woyamba, ndipo apa ndi pakati chabe pa ntchito. Chotsatira ndi kupha tizilombo. Ngati makala kapena magetsi alipo, timawiritsa mpaka abwate kwambiri kwa mphindi yathunthu, osati kungotentha n'kuyamba timathovu ta m'mbali. Pa madzi amene sanayeretsetse, kuwiritsa ndiko kodalirika.

Ngati tikugwiritsa ntchito wotagadi, timatsata muyezo wolembedwa pa botolo, umene pa botolo lathu ndi kachivindikiro kamodzi pa malita 20 a madzi oyera, n'kuvundula, n'kudikira mphindi 30. Klorini woperekedwa ndi alangizi a zaumoyo ali ndi muyezo wakewake, ndipo timafunsa kwa amene watipatsa. Chifukwa chodikhitsira ndi kusefa poyamba n'chakuti klorini akalowa m'madzi a matope amathera pa matopewo asanafike pa tizilombo. N'chifukwa chake madzi akakhala osayera bwino muyezo umawirikizidwa kawiri. Mphindi 30 zikatha timanunkhiza. Pamayenera kumveka kafungo ka klorini pang'ono. Kakapanda kumveka, ndiye kuti wathera m'njira, ndipo timathiranso n'kudikiranso. Nthawi zina madzi amachita chikasu pang'ono tikangothira mankhwala. Zimenezo sizitidabwitsanso, chifukwa n'zomwe zija zinachitika pa nsalu za Mgonero: chitsulo chosungunuka chikusanduka dzimbiri. Timangowasiya adikhenso.

Chimene chimativutabe ndi nthawi. Madzi sasankha tsiku lobwerera, ndipo kangapo konse abwera Lachisanu masana, dzuwa litapendeka, ntchito ili tho. Mtima umafuna kutsegula paliponse kuti Sabata litipeze tachapa, tasamba, thanki yadzaza. Tinagwirizana monga banja kuti zikatero tizichita zochepa zokha: kutsegula mpopi wa panja mpaka uyere, kuwiritsa madzi akumwa okwanira mpaka Lamulungu, ndi kutunga osamba. Thanki ndi zochapa zimadikira. Takhala tikupita ku tchalitchi ndi malaya a sabata yatha, ongowapukuta pakhosi, ndipo palibe amene anatifunsapo.

Mwezi watha madzi anabweranso usiku, patatha masiku awiri. Tinamva zidebe zikulira kwa anzathu, tinadzuka, n'kupeza Chisomo, mwana wathu wamkulu, ali kale panja ndi tochi, matambula anayi atawandandalika pakhonde. Mng'ono wake, yemwe anadwala uja, anali ataima pambali pake atafunda bulangete, kapu ili m'manja.

"Dikira kaye, iwe," anatero Chisomo. "Akumwa ali m'chigubu. Awa ndi a nthochi."

Tinatsegula valavu ya pa mita, mpopi unatsokomola, ndipo tinaika ndowa yoyamba.